Golide yemweyo, mitengo iwiri

Lachisanu pa 8 Ogasiti 2025, munthu amene anatsegula foni kuti aone mtengo wa golide anapeza mayankho awiri. Nyumba zina zofalitsa nkhani zinkati golide wafika pamtengo umene anali asanafikepo chiyambire, madola 3,534 pa aunsi. Zina zinkati ali cha m'ma 3,400 ndipo sanasunthe kwenikweni. Palibe amene ankanama. Oyambawo ankanena za golide wodzaperekedwa mu Disembala ku New York, pomwe enawo ankanena za golide wogulidwa tsiku lomwelo ku London. Pakati pa mitengo iwiriyi panali mpata woposa madola 100 pa aunsi imodzi, ndipo aunsi ya golide ndi kanthu kakang'ono, magalamu 31.1 basi.

Mpata wotere anthu ambiri amaumva molakwa. Amati ngati golide wa mu Disembala ndi wodula kuposa wa lero, ndiye kuti akadaulo a pamsika aoneratu kuti mtengo ukwera. Ayi ndithu. Mpatawo uli ndi masamu ake, ndipo munthu amene anadutsa m'kalasi ya chiwongoladzanja ku pulayimale angathe kuwachita papepala.

Misika iwiri yosafanana

London ndiye kuchimake kwa golide wa pompopompo, amene amalonda amamutcha wa sipoti. Kulibe nyumba imodzi imene anthu amasonkhanamo n'kumakuwa mitengo. Mabanki akuluakulu, makampani oyenga golide, eni migodi ndi mabanki aakulu a maiko amagulitsana okhaokha pafoni ndi pamakompyuta. Mukagula lero, ndalama ndi golide zimasinthana manja pakadutsa masiku awiri a ntchito. Golide wake amakhala m'mitanda ikuluikulu ya maaunsi pafupifupi 400, yolemera makilogalamu opitirira pang'ono 12, ndipo bungwe la LBMA ndilo limavomereza mafakitale oyenga mitandayo. Kawiri patsiku, 10:30 m'mawa ndi 3 koloko masana nthawi ya ku London, pamakhala okushoni yotulutsa mtengo umene migwirizano yambiri padziko imatsatira. Mwambowu unayamba mu 1919. Mukaona zilembo XAUUSD pafoni, dziwani kuti mukuona mtengo wa sipoti.

Ku New York kuli msika wa COMEX, umene unayamba malonda a golide tsiku lomaliza la 1974, pamene boma la America linalolanso nzika zake kusunga golide. Kumeneko sagulitsa mtanda umene uli patebulo. Amagulitsa lonjezo. Mgwirizano umodzi, umene zilembo zake zimayamba ndi GC, ndi wa maaunsi 100, ndipo umanena mwezi umene golideyo adzaperekedwe. Miyezi imene malonda amachuluka ndi Febuluwale, Epulo, Juni, Ogasiti ndi Disembala. Mtengo mumagwirizana lero, koma kulipira kwenikweni n'kwa mwezi umenewo. Lero mumangoika chikole, kagawo kochepa ka mtengo wonse. Ambiri mwa amalonda a pamsikawu alibe n'cholinga chomwe chodzaona golide ndi maso. Mweziwo ukayandikira amatseka mgwirizano wawo, n'kutenga phindu kapena kulipira chimene aluza. Koma amene wagulitsa n'kukhala chete mpaka mapeto ayenera kupereka golide weniweni m'nkhokwe zovomerezeka za ku New York ndi madera oyandikana nawo, ndipo ayenera kukhala mtanda umodzi wa maaunsi 100 kapena mitanda itatu ya kilogalamu imodzi uliwonse. Kachidziwitso aka ka kukula kwa mitanda kakuoneka kachabechabe, koma kanalizapo mabanki akuluakulu.

Nthawi zambiri mtengo wa m'tsogolowu umakhala pamwamba pa wa lero, ndipo mwezi ukakhala wakutali mtengonso umakwererapo. Mkhalidwe umenewu ndiwo amautcha kontango.

Nthawi ili ndi mtengo

Taganizirani wamalonda amene wagula chimanga mu Meyi, anthu atangokolola, ndipo mwini chigayo wina akumuuza kuti, "Undisungire, ndidzatenga mu Januwale, koma mtengo tigwirizane lero." Wamalondayo sangatchule mtengo wa mu Meyi. Ndalama zogulira chimangacho anakongola ndipo zikubereka chiwongoladzanja. Pali matumba, mankhwala a anankafumbwe, lendi ya mosungira, malipiro a mlonda. Zonsezi amaziphatikiza, ndipo mtengo wa mu Januwale umatuluka wokwera ngakhale onse awiri atakhulupirira kuti chaka chino kulibe njala.

Golide amatsata njira yomweyo, kungoti iye ndi wosavuta kuwerengera. Safumbwa, sawola, ndipo chuma cha madola mamiliyoni chimakwana pashelefu imodzi. Kusunga ndi inshuwalansi kwa mabanki aakulu ndi kandalama kochepa kwambiri. Komanso chimanga chimadyedwa n'kutha, mwakuti mtengo wake umavina ndi mvula. Golide amene anakumbidwa chiyambire, matani oposa 200,000, pafupifupi yense alipobe, pomwe migodi yonse padziko imangoonjezera matani cha m'ma 3,600 pachaka. Choncho chimene chimatsala n'kulamulira kontango ya golide ndi chinthu chimodzi chachikulu, chiwongoladzanja cha dola ya ku America.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala osavuta. Golide wa sipoti akhale pa madola 3,000 pa aunsi, mtengo umene anaufika koyamba mu Malichi 2025. Banki ikhale kuti imakongola madola pa 4.5 peresenti pachaka. Ikufuna kulonjeza kasitomala maaunsi 100 pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Njira yosaika moyo pachiswe ndiyo kugula golideyo lero lomwe n'kumusunga. Imakongola madola 300,000. Pa theka la chaka chiwongoladzanja ndi madola 6,750. Kusunga ndi inshuwalansi tiyerekeze kuti ndi madola 150. Zonse pamodzi ndi 306,900, kutanthauza madola 3,069 pa aunsi. Banki singalonjeze pamtengo wotsika kuposa pamenepa popanda kuluza.

Koma pali kanthu kena kamene kamatsitsako nambalayi. Golide amabwerekedwa. Fakitale yoyenga, wosula mphete ndi ndolo ku India kapena ku Italy, ngakhale banki imene yapereweredwa mitanda, onsewa amabwereka golide n'kudzabweza golide, kuonjezerapo lendi. Mabanki aakulu a maiko ndiwo eni ake ambiri a golide wobwereketsayu. Nthawi zabata lendiyo imakhala yochepa, kawirikawiri yosafika peresenti imodzi pachaka. Banki yathu ija, mmalo motsekera golide m'chipinda n'kumalipira mlonda, ingathe kumubwereketsa kwa miyezi isanu ndi umodziyo. Pa theka la peresenti imapeza madola 750 ndipo za kusunga sizikuikhudzanso. Mtolo wake watsika kufika pa 6,000, ndipo mtengo wachilungamo wa m'tsogolo ndi madola 3,060. Masamu onse ndi awa:

```
F = S × (1 + (r − L) × t)
3,060 = 3,000 × (1 + (0.045 − 0.005) × 0.5)
```

S ndi mtengo wa lero, F wa m'tsogolo, r chiwongoladzanja cha dola, L lendi ya golide, ndipo t ndi nthawi powerenga m'zaka. Onani kuti mulibe malo olembapo maganizo a munthu pa za kumene golide akupita.

Wina angafunse kuti, nanga anthu ambiri akakhulupirira kuti golide akwera, n'kukhamukira kukagula wa m'tsogoloyo, mtengo wake sungathawe n'kufika pa 3,110? Ungafike, koma kwa mphindi zochepa. Banki ikaona 3,110 imakongola madola 300,000, kugula golide ku London, kugulitsa mgwirizano wa m'tsogolo nthawi yomweyo, n'kukhala pansi. Miyezi ikatha imapereka golide, kulandira 311,000, kubweza ngongole ndi zolipira zonse 306,900, n'kutsala ndi 4,100. Golide akwere kapena agwe, phindulo silisintha, chifukwa mitengo yonse iwiri inamangidwa tsiku loyamba. Ndalama yotola chonchi siisiyidwa pansi. Mabanki amachita zimenezi ndi migwirizano zikwizikwi, ndipo kugula kwawo ku London kumakweza mtengo wa sipoti pomwe kugulitsa kwawo ku New York kumatsitsa wa m'tsogolo, mpaka mpata ubwerere pamalo pake. Chotero chiyembekezo cha anthu chimakweza mitengo yonse iwiri limodzi. Sichitambasula mpata.

Mbali inayo n'chimodzimodzi. Wa m'tsogolo atatsika kufika pa 3,020, aliyense amene ali ndi golide m'nkhokwe angamugulitse lero pa 300,000, kuika ndalamazo pokabereka 6,750, n'kugula mgwirizano womubwezera golide wake pa 302,000. Pamapeto ali ndi golide yemwe uja ndi madola 4,750 m'thumba, kuposa 750 amene akanapeza pobwereketsa.

Umboni woti nkhani ndi chiwongoladzanja uli m'zaka zaposachedwapa. Mu 2021 banki yaikulu ya America inasunga chiwongoladzanja pafupi ndi ziro, golide ali cha m'ma 1,800, ndipo mpata wa theka la chaka unali madola owerengeka ndi zala. Pofika mu 2023 chiwongoladzanja chinadutsa 5 peresenti ndipo mpata womwewo unafika m'madola makumi angapo. Sikuti amalonda a mu 2023 ankakonda golide kuposa a mu 2021. Dola ndiyo inadula.

Pali chotsatira china chimene chimapweteka ongoyamba kumene. Mwezi wopereka ukamayandikira, t amachepa, ndipo mtengo wa m'tsogolo umatsetsereka kukakumana ndi wa lero. Munthu amene anagula pa 3,060, golide wa sipoti akangokhala pa 3,000 osasuntha miyezi yonseyo, amaluza madola 60 pa aunsi, 6,000 pa mgwirizano umodzi, ngakhale nyuzipepala zikuti golide sanagwe. Ena amadandaula kuti msika wawabera. Kunena zoona sanaberedwe. Madola 300,000 amene akanalipira tsiku loyamba anakhala nawo m'manja, kupatula chikole, ndipo akanawaika pokabereka akanapeza ndalama yonga yomweyo. Vuto limagwera amene analibe 300,000 n'komwe, amene anangosonkhanitsa za chikole. Ameneyo wakongola popanda kudziwa kuti wakongola, ndipo kontango ndiyo chiwongoladzanja chake. Tsiku lililonse msika ukatseka, phindu ndi zoluza zimawerengedwa. Ngati chikole chake chinali 15,000, golide akagwa ndi madola 150 okha, 5 peresenti, chikole chonse chapita, ndipo amauzidwa kuti aonjezere ndalama msanga, apo ayi amutsekera.

Tsopano tingabwerere ku Ogasiti uja ndi cholembera. Golide ali pa 3,400, chiwongoladzanja chili chapamwamba pang'ono pa 4 peresenti, ndipo kuti Disembala afike kwatsala miyezi pafupifupi inayi. Masamu akupereka madola pafupifupi 50. Palinso kamsampha kena apa. Chakumapeto kwa Julaye amalonda amachoka pa mgwirizano wa Ogasiti n'kudumphira wa Disembala, ndipo atolankhani amawatsatira. Mtengo wa pamitu ya nkhani umaoneka ngati wadumpha usiku umodzi pomwe changosintha ndi mwezi umene akuunena. Choncho theka la mpata wa madola 100 uja linali nthawi chabe. Theka linalo ndilo linali nkhani yeniyeni.

Golide ali kolakwika

Masamu athu aja abisa mfundo imodzi. Akuyesa kuti golide wogulidwa ku London angaperekedwe ku New York popanda chovuta. Koma mtanda wa ku London ndi wa maaunsi 400, ndipo mgwirizano waukulu wa COMEX suulandira. Uyenera kukwera ndege kupita ku fakitale yoyenga, kawirikawiri ku Switzerland, kukasungunulidwa n'kuumbidwanso kukhala mitanda ya kilogalamu kapena ya maaunsi 100, kenaka n'kukweranso ndege kuoloka nyanja ya Atlantic. Ndipo golide wambiri amayenda kunsi kwa ndege zonyamula anthu, pamodzi ndi masutikesi. Zinthu zikakhala bwino ulendo wonsewu umadya dola imodzi kapena awiri pa aunsi, ndipo chifukwa aliyense amadziwa kuti ndi wotheka, sipakhala chifukwa choti uchitike kawirikawiri. Mabanki amasunga golide ku London, n'kugulitsa migwirizano ku New York kuti adziteteze mtengo ukagwa, ndipo mwezi ukayandikira amangosinthanitsa mbali ziwirizi papepala. Mtengo wa kusinthanitsako umaoneka pamakompyuta awo ndi zilembo EFP, ndipo ndiwo muyezo umene amalonda amayang'ana pofuna kudziwa ngati London ndi New York akuyendera limodzi.

Mu Malichi 2020 njira imeneyi inaduka. Chigawo cha Ticino ku Switzerland chili m'malire ndi kumpoto kwa Italy, kumene mliri wa Covid-19 unali utavuta zedi. Boma la chigawocho linatseka mafakitale, ndipo atatu mwa oyenga golide aakulu padziko, Valcambi, Argor-Heraeus ndi PAMP, anaima kugwira ntchito. Sabata zomwezo ndege zonyamula anthu zinaimitsidwa pafupifupi paliponse. Mabanki amene anali atagulitsa migwirizano ya Epulo ku New York anadzidzimuka. Golide anali naye, wodzaza zipinda ku London, koma anali mumpangidwe wolakwika, mumzinda wolakwika, ndipo panalibe womusungunula kapena womunyamula. Njira yotulukira inali kugulanso migwirizano imene anagulitsa, ndipo onse anathamangira khomo limodzi. Pa 24 Malichi mtengo wa ku New York unapitirira wa ku London ndi madola pafupifupi 70. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo chiwongoladzanja chinali chitangotsitsidwa kufika pafupi ndi ziro ndipo Epulo anali pakhomo. Masamu a nthawi ankapereka dola imodzi kapena awiri. Zotsalazo zinali mantha.

Chimene chinapweteka kwambiri n'choti oluzawo anali anthu amene ankadziyesa otetezedwa. Banki imene ili ndi golide ku London ndipo yagulitsa muyezo womwewo ku New York siyenera kusamala za mtengo, pakuti chimene yaluza uku imachipeza uko. Koma chitetezocho chimadalira kuti mitengo iwiriyo iziyenda limodzi. Mpata utatseguka, mbali ya ku New York inaluza kuposa zimene ya ku London inapeza. Banki ya HSBC inaulula pambuyo pake kuti tsiku lina m'mwezi umenewo mabuku ake anaonetsa kuluza madola pafupifupi 200 miliyoni pa malonda a golide. Eni msika wa COMEX anafulumira kukhazikitsa mgwirizano watsopano wolandiranso mitanda ya maaunsi 400. Mafakitale aja anatsegulidwanso pang'onopang'ono mu Epulo, makampani anayamba kuchita hayala ndege zonyamula golide yekha, ndipo amene anatha kufikitsa mitanda ku New York anapha makwacha. Golide wa m'nkhokwe za COMEX, amene anali wosafika maaunsi 9 miliyoni mliri usanayambe, anadutsa 30 miliyoni chaka chisanathe.

Zaka zisanu pambuyo pake zinachitikanso, koma tsopano chotseka njira sichinali matenda. Donald Trump atapambana chisankho cha Novembala 2024 akulonjeza misonkho pa katundu wolowa m'America, amalonda anayamba kuwerengera. Msonkho wa 10 peresenti pa golide wa madola 2,700 ndi madola 270 pa aunsi. Banki imene yalonjeza kupereka ku New York ndipo golide wake ali kunja ikhoza kumira. Ngakhale mwayi woti msonkhowo ubwere ukhale wochepa, ndi nzeru kulowetsa golideyo chipata chisanatsekedwe. Mu Januwale 2025 mtengo wa ku New York unakwera pamwamba pa wa ku London ndi madola makumi angapo kuposa zimene chiwongoladzanja chimalola, ndipo mitanda inayamba ulendo.

Apa panaoneka chinthu chochititsa chidwi ku London. Golide wambiri wobwereketsa amagona pansi pa Bank of England, imene imasungira maiko ambiri mitanda pafupifupi 400,000. Kutulutsa mitanda ya makilogalamu 12 ndi ntchito ya manja, ya anthu owerengeka ndi magalimoto owerengeka. Mzere wodikira, umene unkatenga masiku ochepa, unafika pa sabata zinayi mpaka zisanu ndi zitatu. Amene ankafuna golide lero lomwe anayamba kulipira lendi yokwera, ndipo lendi ya mwezi umodzi inadutsa 4 peresenti pachaka. Bwererani ku masamu aja. L akafika pafupi ndi r, kontango ya ku London imafota mpaka kutsala pang'ono kutha. Choncho nthawi imodzimodziyo New York anali pamwamba mopitirira muyezo pomwe London anali atafota mopitirira muyezo, ndipo zonse ziwiri zinkanena chinthu chimodzi, kuti golide akufunika msanga kutsidya la nyanja. Nkhokwe za COMEX zinachoka pa maaunsi pafupifupi 18 miliyoni kufika pafupifupi 45 miliyoni pofika Epulo. Misonkho italengezedwa pa 2 Epulo, golide wa mitanda anapezeka pamndandanda wa katundu wosakhomeredwa, ndipo mpata unaphwa m'masiku ochepa.

Za mu Ogasiti zinali mchira wa nkhani yomweyi. Kalata ya ofesi yoona za katundu wolowa m'America inaika mitanda ya kilogalamu ndi ya maaunsi 100 m'gulu lolipira msonkho, ndipo inadziwika sabata imene katundu wa ku Switzerland anayamba kukhomeredwa 39 peresenti. Imeneyo ndiyo mitanda yeniyeni imene COMEX imalandira, yochokera kudziko lenileni limene limaiumba. Pa 11 Ogasiti Trump analemba kuti golide sadzakhomeredwa msonkho, ndipo theka la mantha lija linasungunuka, n'kutsala theka la chiwongoladzanja.

Pa intaneti nthawi zonsezi pamatuluka anthu olengeza kuti golide watha padziko, kapena kuti msika wa mapepala wagwa. Ine ndimaona kuti amafulumira. Mu 2020 ndi mu 2025 momwe, golide analipo wambiri. Chimene chinasowa ndi ng'anjo, ndege ndi anthu okankha ngolo m'zipinda za pansi pa nthaka.

Mpata ukatembenuka

Nthawi zina mtengo wa lero umaposa wa m'tsogolo. Amalonda amati bakiwadeshoni. Pa mafuta ndi tirigu zimachitika kawirikawiri, koma pa golide n'zosowa, chifukwa zimafuna kuti lendi ya golide ipose chiwongoladzanja cha dola. Zikatero ndiye kuti anthu akulolera kulipira kuti agwire golide lero, ndipo eni ake akukana kumutulutsa ngakhale masamu akuwalonjeza phindu.

Chitsanzo chimene chinakhudza Africa ndi cha 1999. M'zaka za m'ma 1990 kontango inali ngati mgodi wachiwiri kwa makampani okumba golide. Chakumapeto kwa zakazo mtengo unkatsika chaka ndi chaka, ndiye kampani inkagulitsiratu golide amene idzakumbe zaka zikubwerazo pamtengo wa m'tsogolo, umene unali wokwera. Banki yogula lonjezolo inkabwereka golide ku banki yaikulu ya dziko pa lendi yotsika, kumugulitsa pamsika wa sipoti, n'kuika ndalamazo pokabereka. Zonsezi zinkadalira kuti golide wobwereka azipezeka motchipa. Pa 26 Seputembala 1999 mabanki aakulu 15 a ku Ulaya anagwirizana ku Washington kuti sagulitsa golide woposa matani 400 pachaka kwa zaka zisanu, ndiponso kuti saonjezera golide wobwereketsa. Lendi inalumpha kufika cha m'ma 10 peresenti, kontango ya miyezi yapafupi inatembenuka, ndipo golide, amene miyezi yapitayo anali cha m'ma 255, anadutsa madola 320 m'masabata awiri.

Mungayembekeze kuti mwini mgodi avine golide akakwera. Kampani ya Ashanti Goldfields ya ku Ghana, mwini mgodi wakale wa Obuasi, inatsala pang'ono kugwa. Inali itagulitsiratu golide wochuluka, ndipo mtengo utakwera mabanki anafuna chikole cha ndalama chimene kampaniyo inalibe. Golide anali pansi pa nthaka, koma chikole chinkafunika sabata yomweyo. Inapulumuka mabankiwo atavomera kudikira posinthana ndi mwayi wodzagula masheya ake, ndipo mu 2004 inaphatikizana ndi AngloGold ya ku South Africa.

Nanga amene ali ndi golide m'kabotolo?

Kwathu kuno nkhaniyi si yakutali monga imamvekera. Kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, ndipo kumadera monga Makanjira ku Mangochi golide ali pakamwa pa anthu. Ku Zimbabwe, ndalama yachitsulo ya golide ya Mosi-oa-Tunya itatuluka mu 2022, mtengo wake unamangidwa pa mtengo wa ku London, kuonjezapo 5 peresenti. Aliyense wogulitsa kapena kugula golide weniweni, wogwirika m'manja, muyezo wake ndi wa sipoti. Wa ku New York ndi wa golide wa mwezi wina, mumzinda wina, ndipo uli ndi chiwongoladzanja m'kati mwake chimene wogula wa lero sangakulipireni.

Kuzindikira mtengo umene foni ikukuonetsani n'kosavuta. Mukaona XAUUSD, ndi wa lero. Mukaona GC, kapena dzina la mwezi pambali pa nambala, ndi wa m'tsogolo. Mu GCZ25, chilembo Z chikuimira Disembala ndipo 25 ndi chaka. Pa manambala athu aja, 3,000 kugawa ndi 31.1 ndi madola 96.5 pa galamu, pomwe 3,060 akupereka 98.4. Kusiyana kwake ndi madola pafupifupi awiri pa galamu, ndipo pa magalamu 50 ndi pafupifupi madola 100, ndalama yokwanira kuyambitsa mkangano pakati pa wokumba ndi wogula, aliyense ataloza foni yake. Kenaka pamabwera zochotsera zimene zimaposa kontango kutalitali. Mitengo yonse iwiriyi ndi ya golide woyengeka, wa magawo osachepera 995 pa 1,000. Golide wa mumtsinje amakhala wosakanikirana ndi siliva ndi zina, ndipo akapimidwa n'kupezeka kuti ndi 85 peresenti, galamu ija yatsika kufika pa madola 82 wogula asanachotse za mayendedwe, za kuyenga ndi phindu lake, komanso asanagwirizane kuti dola aiwerengera pa makwacha angati.